Dalaivala Amene a Sisita Anapeka

A Sisita ankadziwika ndi mayendedwe. Ukakhala pabenchi la chipatala n'kumva nsapato ikukhwekhwereza pasimenti, phazi lakumanzere likutsalira pang'ono, sunkafunika kutembenuka. Mapazi amenewo anayamba kuyenda m'makonde a chipatala tsitsi la mwini wake lili bii, ndipo tsopano imvi zinali zitasuzumira m'mphepete mwa kachipewa. Dzina lawo lenileni linatsala pabaji ya pachifuwa basi. Odwala, madokotala, alonda a pageti, ngakhale ana awo obereka okha akafuna kuwaseka, onse ankangoti a Sisita.

Anayambira kuwodi ya ana, n'kupita kwa amayi oyembekezera, n'kukhalitsa kuwodi ya amuna. Msana utayamba kukana kunyamula anthu, anawaika kukiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, matenda amene aliyense amangoti bipi. Anzawo ankati kumeneko n'kopumira. Kupuma kwake kuti? M'mawa ukamafika, mzere umakhala utazungulira kale mpaka kumpopi. Lamba woyezera bipi anali atatha zomatira, moti ankamugwira ndi dzanja lina uku akupopa ndi linalo. Funso linali limodzimodzi tsiku lonse: “Mankhwala mukumwa?” Yankho nalo linali limodzimodzi: “Ndikumwa, a Sisita.” Akamaweruka, mawu amakhala atathera pakhosi.

Kunyumba nako sikunali kofewa. Bambo a ana awo anapita kukafuna ntchito kutali ana akadali ang'ono, ndipo ntchitoyo anaipeza pamodzi ndi mkazi wina. Amene anatsala ndi mchemwali wa bamboyo, mlamu wawo wa a Sisita, amene ankakhala kuseri kwa msewu womwewo. Mayi ameneyu anakana kutsatira mbali ya mchimwene wake. “Iye wathawa, ine sindinathawe,” anatero, n'kuyamba kubwera kudzasambitsa ana, kuwaperekeza kusukulu, kuwagoneka kwake a Sisita akakhala pantchito. Mwana woyamba anamera mano ali kumsana kwa mlamuyo. Wachiwiri ankalakwitsa n'kumutcha amayi, a Sisita n'kumangoseka uku mtima ukuwawa. Pa anthu onse a padziko, amene akanatha kulowa m'nyumba mwawo osagogoda n'kutsegula mapoto anali mlamu yekhayo.

Zolemba pa intaneti anaziyamba atakula kale. Ophunzira unamwino amene ankabwera kudzazolowera ntchito ankawafunsa zinthu zimene m'mabuku mulibe: umamuuza bwanji munthu kuti chala chiyenera kudulidwa, umatani wachibale akakutukwana, umadya nthawi yanji. A Sisita anatopa kubwereza, n'kutsegula tsamba lawo. Akaweruka madzulo, ankathira madzi ofunda m'beseni, kuviika mapazi, magalasi pamphuno, n'kuyamba kubaya foni ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. Poyamba ankawerenga ndi ophunzira okha. Kenako anamwino a zipatala zina, kenako osamalira odwala, mapeto ake ngakhale anthu a mumsewu mwawo.

Sanali munthu wolemba chisawawa. Anaonapo mtsikana wina atachotsedwa ntchito chifukwa chodzijambula muwodi, nkhope ya wodwala ikuoneka kumbuyo kwake, ndipo iwo anadziikira malire okhwima. Chithunzi cha kuntchito sankaika, ngakhale cha khoma. Dzina la chipatala sankatchula. Nkhani ya wodwala sankailemba ikadali yotentha, ankaisiya ipole miyezi yambiri. Akamailemba, ankasintha zonse zimene munthu angadziwike nazo: mkazi ankasanduka mwamuna, wachikulire ankakhala wachinyamata, wa m'tauni ankapita kumudzi. Ankauza ophunzira kuti kuchotsa dzina lokha n'kudzinamiza, chifukwa anthu sadziwana ndi maina, amadziwana ndi ntchito, chilema, ndi tsiku limene munthu anadwala. Wina akafunsa m'ndemanga kuti kodi ameneyu si uje, iwo sankayankha inde kapena ayi. Ankati ukayamba kukana, anthu azingotchula maina mpaka tsiku limene udzakhale chete, ndipo kukhala chete kumeneko kudzakhala kuvomera.

Pakati pa odwala a kukiliniki panali mayi wina wogulitsa ziwiya zapulasitiki mumsika, amene onse ankamutcha a Mabeseni. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu okweza, wodzilemekeza, ndipo anali mnzake wapamtima wa mlamu uja. Bipi yawo inkakana kutsika. Mwezi ndi mwezi a Sisita ankapopa lamba, kuwerenga, kugwedeza mutu. “Mankhwala mukumwa?” “Ndikumwa, a Sisita, mwana wanga amachita kundipatsira m'manja.” Adokotala anawonjezera mlingo, koma osaphula kanthu.

Tsiku lina a Sisita, chifukwa chotopa basi, anafunsa mwina. Anatseka chitseko, n'kukhala pansi.

“Mayi, za kumwazo tizisiye. Tandiuzani, timapiritsi timeneti tikalowa m'thupi, tsiku lanu limayenda bwanji?”

A Mabeseni anayang'ana kuchitseko, kenako pansi. Mawu okweza aja anathawa. Anati kapiritsi kamodzi koyera kaja n'kokodzetsa. Ukamwa m'mawa, pofika kumsika wayamba kale kuvutika. Chimbudzi chili kutsidya kwa msika, ndipo ukasiya katundu wopanda munthu ukapeza ndowa ziwiri zamera miyendo. Tsiku lina anapirira, kasitomala akunenerera mtengo, mpaka thupi linawagonjetsa ali chikhalire pampando. Anatenga ndowa ya madzi yomwe inali pambali, n'kudzikhuthulira dala pamiyendo, n'kuyamba kukalipa ngati yawagwera mwangozi. Anthu anaseka za ndowayo, ndipo palibe anadziwa. Kuyambira tsiku limenelo, mapiritsi onse ankawalandira m'manja mwa mwana wawo, n'kukawataya m'ngalande ya panjira.

“Zimenezi sindinauzepo munthu,” anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. “Ngakhale mwana wanga. Ndauza inu nokha.”

A Sisita anapempha chilolezo chouza adokotala mbali ya kukodzayo yokha, popanda za ndowa. Adokotala anasintha mankhwala, ndipo patapita miyezi bipi inayamba kumvera. Koma a Sisita chinawatsalira mumtima n'chakuti miyezi yonse ija anaitaya pofunsa funso lolakwika. Anaisunga nkhaniyo mpaka chaka chinatha. Madzulo ena, atamva wophunzira akukalipira gogo wina kuti ndi wosamva, anaganiza kuti nthawi yakwana yoti ailembe.

Apa m'pamene panali ntchito. Mayi wa mumsika anayenera kusanduka munthu wina, koma munthu wake akhale woti sangachoke pamalo akafuna kutaya madzi, apo ayi phunzirolo likanakhala bodza. Anayesa mphunzitsi, n'kuona kuti mphunzitsi amatha kupatsa ana ntchito n'kutuluka. Anayesa mlonda, n'kuseka okha, chifukwa mlonda ali ndi mpanda wonse. Telala ali ndi kuseri kwa shopu. Kenako inabwera yokha: dalaivala. Munthu wa pamsewu, galimoto yodzaza, malo oimapo palibe. Inakwana ngati chivindikiro pa poto wake. Mwana wopereka mapiritsi anamusandutsa mkazi wa dalaivalayo. Ngalande inakhala windo la galimoto. Ndowa inakhala botolo la madzi limene dalaivala anadzithira pathalauza. Anamaliza ndi mawu akuti: “Funso loyenera ndinalifunsa mochedwa. Inu musachedwe.” Anawerenganso kufunafuna chilichonse cholozera kwa a Mabeseni, sanapeze, ndipo anaitumiza.

Mutu wa namwino unkaganiza za chikhodzodzo, sunkaganiza za abale. Mwamuna wa mlamu wawo, amene anamwalira chaka chapitacho atagwa mwadzidzidzi ndi sitiroko, anali dalaivala wa malole. Anali ndi bipi. Mkazi wake ankamupatsira mapiritsi m'manja m'mawa uliwonse, monga amachitira akazi ambiri. Anatsirizikira m'chipatala chomwecho. A Sisita sanamuyezepo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa mankhwala ankalandira kwina, ndipo kwa iwo sanali dalaivala, anali bambo a kwa mlamu, munthu wachete wokonda wailesi. Koma mumsewu monse ankadziwika kuti a Dalaivala.

Tsiku lotsatira foni inali m'kabati yosinthira zovala kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, monga mwa lamulo. Ataitsegula, anapeza ndemanga zili mbwee. Zoyamba zinali za anamwino, zoyamikira. Kenako panali ya mayi wina wa mumsewu mwawo: “Koma ameneyu si malemu a Dalaivala athu aja? Mzimu wawo uuse mumtendere.” Pansi pake wina anati, “Eee, kani ankataya mankhwala?” Wina anaika tinkhope toseka n'kulemba za thalauza. A Sisita anakhala pabenchi la m'chipinda chosinthiramo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja.

Anachotsa nkhaniyo nthawi yomweyo. Koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atayijambula kale m'mafoni awo, ndipo inali ikuyenda m'magulu a amayi, a kumsika, a madalaivala. Analemba chiganizo chimodzi patsambalo, chonena kuti anthu a m'nkhani zawo zonse ndi osinthidwa ndipo palibe amene ali monga walembedwera. Wina anayankha kuti, “Nanga mwachotseranji?”

M'mawa mwake anapita okha kwa a Metroni, mkulu wa anamwino, asanaitanidwe. A Metroni anali mnzawo wa kusukulu, mayi wouma thupi amene ankamwa tiyi wozizira chifukwa sankapeza mpata womwa akadali wotentha. Anali ataiona kale nkhaniyo.

“Malemuwa anali wodwala wanu?”

“Ayi. Kaundula wa kukiliniki aliko, mukhoza kuona.”

“Ndiye nkhaniyi ndi yopeka?”

“Munthuyo ndi wopeka. Zimene zinachitikazo n'zoona.”

“Mwini wake munamupempha?”

A Sisita anapukusa mutu. A Metroni anavula magalasi n'kutikita m'maso.

“Dzina sindikufunsani, ndipo musandiuze. Mwabisa bwino, mwina mopitirira. Koma chovala chimene mwamuvula wina mwakamuveka wina, ndipo chamukwana. Tsambalo muyambe mwaliimitsa, nkhaniyi ndiyenera kuipereka ku komiti. Ndipo mundimvetse, mnzanga. Kaya akulirireni, kaya akutukwaneni, mwini nkhaniyo asatuluke pakamwa panu. Mukatero, ine sindidzatha kukutetezani, ndipo sindidzafuna n'komwe.”

“Zimenezo ndikuzidziwa.”

“Ndikudziwa kuti mukuzidziwa. Ndikunena chifukwa wolirayo ndi mlamu wanu.”

Mlamu sanayankhe foni. A Sisita anapita kunyumba kwake, anapeza chitseko chokhoma, koma nsalu ya pawindo inagwedezeka. Anabwerera. Masiku amenewo ntchito inkalemera kawiri. Pamzere anthu ankanong'onezana akamadutsa. Bambo wina wachikulire, atafunsidwa za mankhwala, anayankha moseka kuti, “Ndikumwa, a Sisita, musandilembe.” Anthu anaseka, iwo anasekerera nawo pang'ono, chifukwa mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma akafika kunyumba ankangokhala pampando osavula yunifolomu, osafuna ngakhale kuyatsa moto.

Loweruka masana kunamveka kugogoda. Kugogodako kokha kunawauza kuti zinthu zaipa, pakuti mlamu sanagogodepo pakhomo limenelo. Atatsegula, anapeza mlamu ataima, maso otupa, ndipo kumbuyo kwake kunali a Mabeseni.

“Ndabwera ndi mnzangayu kuti akhale mboni,” anatero mlamu. “Ndisadzamveke ngati ndikunama.”

Anakhala pabalaza. A Sisita anafuna kuteleka tiyi, mlamu anakweza dzanja kuwaletsa. A Mabeseni anakhala kumapeto kwa mpando, chikwama pamiyendo, moni wawo wapansipansi.

“Alamu,” anayamba mlamuyo, “ine ndinakulakwirani chiyani?”

“Palibe chimene munandilakwira.”

“Ndiye mwamuna wanga mwamufukuliranji? Munthu anagona, ndinayamba kuzolowera, lero ana a mumsewu akuseka za thalauza lake. Anzake a pamalole akutumizirana. Mwana wake wamkulu wandiimbira akulira.”

“Alamu, ndikupepesa ndi mtima wanga wonse. Ndinalakwitsa posankha ntchito ya munthu wa m'nkhaniyo, sindinaganize. Koma si bambo aja. Sindinawayezepo, sanandiuzepo kanthu. Si iwo.”

“Dalaivala. Wa bipi. Mkazi wake akumupatsira m'manja. Inu n'kumati munachedwa.” Mlamu ankawerenga pa zala. “Mukudziwa chimene chikundisowetsa tulo? Si kuseka kwa anthu ayi. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo ndi kapu ya madzi. Ankalandira, n'kuti zikomo amayi. Ndiye lero ndimve kuti akakhota pakona ankataya pawindo? Zaka zonsezo ankandipusitsa? Inu mukudziwa, osandiuza, mpaka munthu kugwa?”

Apa a Sisita anamva chisoni chimene sanachiyembekezere. Ankaganiza kuti mlamu wabwera ndi mkwiyo wa manyazi, koma anabwera ndi chinthu choposa pamenepo. Nkhani yawo inali italowa m'banja la munthu n'kuipitsa zaka zimene mayiyu ankazikumbukira mokoma.

“Sanakupusitseni. Ine ndilibe chifukwa choganizira kuti ankataya. Dalaivala wa m'nkhanimo ndinamupanga ndekha, pampando mwakhalapo pomwepo.”

“Chabwino. Ngati si iye, ndi ndani?”

“Sindinganene.”

“Simunganene chifukwa palibe.”

“Alipo. Koma sindinganene.”

“Ndiuzeni ine ndekha. Sindikauza munthu. Mungondinong'oneza, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, amakhala kuti, kuti mtima wanga ukhale pansi. Ine ndinakusungirani zingati? Mchimwene wanga atakuthawani, ndani ankadziwa kuti mukugona ndi njala? Ndinauzapo ndani?”

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. A Sisita ankadziwa kuti mlamu akanasungadi. Ankadziwanso kuti sipankafunika ngakhale kutchula dzina. Kungotembenuza maso n'kuyang'ana kumapeto kwa mpando kukanakwanira. Khosi linauma chifukwa choumiriza mutu kuti usatembenuke. Anayang'ana patebulo, pa kansalu koluka kamene kanali katayamba kusomoka m'mphepete, n'kukhazika maso pamenepo.

Ngakhale osayang'ana, ankamva kupuma kwa a Mabeseni. Mayi wa mawu okweza uja sanatsegulenso pakamwa chiperekereni moni. Zala zawo zinkatsegula ndi kutseka zipi ya chikwama. Nkhaniyo anali ataiwerenga, kapena wina anawawerengera, ndipo botolo la madzi lija silikanawasokoneza. Pa anthu onse amene anaiona, mmodzi yekha ndi amene ankadziwa kuti poyamba inali ndowa.

“Anzanga, tathandizeni,” mlamu anatembenukira kwa a Mabeseni. “Inu mumapita kukiliniki kwawoko. Ndikupempha chinthu chovuta ngati?”

Zipi inaima. A Sisita anadikira, ndipo kunena zoona, mumtima anapempha kuti mayiyo alankhule. Mawu awiri okha akanamasula onse. Koma anadziwanso kuti alibe ufulu woyembekezera zimenezo. Munthu anabwera kuchipatala kudzachira, sanabwere kudzalipira zolakwa za namwino.

“Ine zachipatala sindizidziwa,” anatero a Mabeseni, mawu akutuluka mokakamira. “Tiyeni tizipita, mwatopa.”

Mlamu anayang'ana a Sisita nthawi yaitali.

“Ndiye mwasankha munthu wachilendo.”

“Sindinasankhe, alamu. Si changa choti ndipereke. Mukanakhala inu munandiuza zanu m'kachipinda kaja, wina n'kubwera kudzalira chonchi, nayenso ndikanamukaniza.”

“Mawu okoma,” anatero mlamu akudzuka. “Mumatha kulemba, n'zoona.”

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kiyi wa nyumba ya a Sisita, amene anakhala naye kuyambira ana ali aang'ono, n'kumuika patebulo. Sanamuponye, anamuika bwinobwino. Anatuluka, a Mabeseni akutsatira pambuyo osacheuka.

Komiti inakumana, inaona kuti malemu sanali wodwala wawo ndipo palibe wodwala amene watchulidwa. Inawachenjeza, n'kunena kuti ngati adzalembenso, nkhani yochokera kwa wodwala iziyamba yavomerezedwa ndi mwini wake, ndipo mnzawo wina aziiwerenga isanatuluke. Ntchito inatsala. Ana awo, amene tsopano anali akuluakulu ndipo ankakhala kutali, anaimba foni mmodzimmodzi. Wamng'ono uja sanabise mbali imene anali. “Amayi, azakhali akuvutika. Simungangowauza basi? Ndani adziwe?” A Sisita anayankha kuti adziwa ndi iwo, ndipo mwanayo anadula foni msanga kuposa masiku onse.

Mumsewu nkhaniyo inazilala monga zimazilalira nkhani zonse, itapeza ina yoilowa m'malo. Koma inazilala anthu atakhulupirira kuti a Dalaivala ankataya mankhwala. Mlamu akakumana nawo panjira ankapereka moni, moni wathunthu, waulemu, wonga wopatsa mlendo. A Sisita akanakonda kutukwanidwa.

Tsambalo analitsegulanso patapita nthawi, chifukwa ophunzira ankafunsabe. Analemba za mapazi otupa, za mmene ungagwirire lamba wotha zomatira, za kufunsa funso limene munthu angayankhe popanda kunama. Munalibenso anthu m'nkhani zawo, munali ntchito yokha. Owerenga anachepa. Wina analemba kuti nkhani za masiku ano zilibe mchere, ndipo iwo anavomereza mumtima kuti akunena zoona.

Tsiku la a Mabeseni kukiliniki linafika. A Sisita anawaona pamzere kuyambira m'mawa, atakhala kumapeto kwa benchi, akulola anthu ena kuwadutsa. Pamapeto pake panalibenso wowadutsa. Analowa, n'kutseka chitseko okha, koma sanakhale pansi ndipo sanapinde mkono wa bulauzi.

“Ndinaona zimene munachita tsiku lija,” anatero. “Ndinkangoti pano anditchula, pano andiyang'ana. Simunatero. Mwataya mlamu wanu chifukwa cha ine. Ndikudziwa.”

“Si chifukwa cha inu, mayi. Ndi chifukwa cha ine.”

“Ndimafuna kumuuza. Ndimapita kwawo nditakonzeka, ndikafika pakamwa pamakana. Mwina tsiku lina.”

“Musadzikakamize. Palibe amene akukudikirirani kuti mutero.”

A Mabeseni anagwedeza mutu. Kunja mwana wina ankalira, wina akukoka benchi.

“Koma pali chimene chikundikhala pamtima, a Sisita. Pamene mnzanga wina wa kumsika ankandiwerengera nkhani ija pafoni, anthu a pamsika atazungulira, akuseka za botolo, ine ndinaseka nawo. Ndikanatani? Dzina langa munalisunga, zikomo. Koma zija ndinakuuzani chitseko chili chotseka. Mukanandifunsa, mwina ndikanalola. Mwina ndikanakana. Koma mukanandifunsa.”

A Sisita anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti zonse zimene akanatha kunena, zoti anasintha chilichonse, zoti anadikira chaka, zoti ophunzira ambiri aphunzirapo, zinali zoona koma zosayankha kanthu.

“Mukunena zoona,” anatero. “Pepani.”

“Ndamva.” A Mabeseni anakumbatira chikwama chawo. “Musandione ngati woipa. Koma ngati n'kotheka, azindiyeza wina.”

“N'kotheka. Ndi ufulu wanu.”

A Sisita anatuluka n'kukaitana namwino wa chipinda chachiwiri, mtsikana amene anamuphunzitsa okha ntchito, n'kumuuza kuti pali mayi akufuna kuonedwa kumeneko. Mtsikanayo anafunsa chifukwa chake. A Sisita anati palibe chifukwa, n'kubwerera kuchipinda kwawo kukaitana wotsatira.